Mphindi zitatu pa maiki: zimene ndinaona pogwirizira ukwati wa mnzanga wa paubwana

Ngati mnzanu wakupemphani kuti mugwirizire ukwati wake, ndiye pamwamba pake n'kuwonjezera kuti "udzalankhulekonso pang'ono ku holo", werengani izi musanagule ndi nsalu yomwe. Ine zinandigwera mu Disembala 2023 ku Zomba, ndipo kasipichi ka mphindi zitatu kanandisowetsa tulo kuposa diresi, ndalama ndi ulendo kuziphatikiza pamodzi. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Mkwatibwiyo tinakulira limodzi ku Chinamwali, nyumba zathu zinangosiyanitsidwa ndi mpanda wa udzu umene unali ndi kabowo kathu kodutsira. Phada, fulaye, masanje kuseri kwa bafa, pulaimale imodzi, mayeso a Sitandade 8 chaka chimodzi. Ku sekondale tinasiyana koma holide iliyonse tinali limodzi. Pano ine ndimakhala ku Lilongwe, iye ku Blantyre. Anandiimbira mu Ogasiti ndili mu minibasi, akuti "iwe chemwali, wogwirizira ndiwe, usayerekeze kukana, ndipo ndikufuna udzalankhule. Osati zolangizazi ayi, zandikwana kale, udzangonena za ife." Ndinakuwa mpaka kondakitala kutembenuka. Zolankhulazo ndinaziona zazing'ono, poti ine pakamwa sipandivuta, kuntchito amandidziwa.

Chimene palibe anandiuza n'choti sipichi ya wogwirizira kwathu kuno ilibe malo ake. Ndi zinthu zimene taziona m'mavidiyo a maukwati akunja, zangoyamba kumene kulowerera. Pulogalamu ya ku holo mukuidziwa, pemphero, akwati kulowa, mawu a akuchimuna, mawu a akuchikazi, perekaniperekani wa magulumagulu, keke, mphatso, kuthokoza, pemphero, basi. Wogwirizira ntchito yake ndi kupukuta thukuta la mkwatibwi, kukonza velo, kumumwetsa madzi, kugwira lichero ndalama zikamagwa. Maiki samukhudza. Ndiye mkwatibwi kundiuza ine pa foni sikunatanthauze kuti komiti ikudziwa. Pulogalamu itaponyedwa pa gulupu ya WhatsApp kuti anthu aione isanapite kosindikiza, dzina langa munalibe. Ndinafunsa mwaulemu, tcheyamani akuti aka n'koyamba kumva, funsani emusi.

Emusiyo ndinamuimbira, ndipo sanabise mawu. "Asisi, anthu sabwerera nkhani ku holo. Mphindi iliyonse imene maiki ali kwa inu ndi ndalama imene sikugwa m'lichero." Ndinapsa mtima koma nditaganiza ndinaona kuti munthuyo sakunama. Holo inalipiridwa mpaka 5 koloko, akwati anali ndi ngongole ya zokongoletsa imene ankayembekeza kubweza ndi perekani yemweyo, ndiye emusi amayesedwa ndi zimene zatoleredwa, osati ndi misozi imene yagwa. Tinagwirizana nditamupatsa ganizo loti ine ndikangomaliza, iye aitane gulu latsopano limene pa mndandanda wake panalibe, onse amene anakulira ku Chinamwali ndi onse amene anaphunzira ndi mkwatibwi ku pulaimale, ine patsogolo. Pamenepo mawu ake anasintha, akuti "apo ndiye mwalankhula asisi". Mukakumana ndi emusi wokanika yesani zimenezi, musakangane naye za chikondi, muonetseni kuti sipichi yanu ibweretsa anthu kutsogolo.

Za malo ake pa pulogalamu zinatengakonso kukambirana. Koyambirira sizingatheke, mwana salankhula makolo asanalankhule. Kumapeto nako ayi, chifukwa anthu akangolandira kapaketi ka chakudya ndi chakumwa amayamba kutuluka mmodzimmodzi, mumapezeka mukulankhula ndi mipando. Tinaiika akangomaliza kudula keke, nthawi imene anthu akhala pansi ndipo maso ali kutsogolo kale. Komanso ndinapempha mkwatibwi kuti auze ankhoswe ake, kuti zisadzaoneke zoti mtsikana wangolanda maiki.

Kulemba ndiye kunali nkhani ina. Ndinalemba m'Chingerezi, masamba anayi, nkhani iliyonse imene ndinakumbukira ndinaiponyamo, ndipo ndinkadziona katswiri. Mwamwayi ndili ndi azakhali anga ku Area 25, mayi wa Mvano amene anakulira ku Zomba komweko ndipo alangiza maukwati osawerengeka. Ndinapita kukawawerengera kuti andiyamikire. Sindinafike ndi pakati pomwe, anandiimitsa ndi dzanja. "Iwe, agogo ake a mkwatibwi ochokera ku Jali aja amvapo chiyani pamenepa?" Ndinati achinyamata amva. "Achinyamata ali ndi mafoni awo, amene amamvetsera pa ukwati ndi akuluakulu." Chingerezi chinathera pomwepo. Akuchimuna ndi a ku Mzimba koma Chichewa amamva onse, ndiye panalibe chifukwa chobisalira.

Kenako anayamba kudula. Munali nkhani ya mnyamata wina amene ankamulembera makalata mnzangayo tili Fomu 3, ine ndiye ndinali wonyamula makalatawo, nkhani yoseketsa zedi kwa ife awiri. Azakhali anangofunsa kuti apongozi ake a ku Mzimba akaimva adzaseka nafe? Ndinakhala chete. Iwo akuti mu holo muli anthu amene mkwatibwi akukumana nawo koyamba ndipo adzakhala nawo moyo wake wonse, chimene amve lero ndi chimene azidzamukumbutsa akadzalakwa. Zibwenzi zakale, zakumwa, tsiku limene anathawa pawindo kupita ku dansi, zonsezo zisiyeni ku gulupu ya atsikana.

Munalinso ndime yaitali ya bambo ake amene anamwalira tili ku sekondale. Ndinailemba ndikulira ndipo ndinkaiona kuti ndiyo mtima wa sipichi yonse. Azakhali anati maliro si ako, funsa eni ake. Nditamufunsa mnzangayo anati "chiganizo chimodzi chokha chemwali, ukapitiriza amayi akomoka ndipo ine mekapu athera m'masaya". Anawonjezanso kuti amalume ake adzawatchula kale m'mawu a akuchikazi. Ndime yonse ija inasanduka mzere umodzi, ndipo unakwanira.

Pamene tinakanganadi ndi pa nkhani ya kufatsa. Mu Novembala kunali bulaido shawa ku Blantyre, ndipo ndinakhala pambali pa mnzangayo alangizi akusinthana. Zina zinali zothandiza, za ndalama, za ukhondo, za achibale. Koma mawu oti "banja ndi kupirira" anabwerezedwa mpaka ndinasiya kuwerenga, wina n'kufika ponena kuti mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, iwe uzingosunga nyumba. Azimayi kuwomba m'manja, nthungululu. Ine mtima unkawira, chifukwa munthu amene ankauzidwa zimenezi ndimamudziwa, ndi uja woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Munthu wotere safunika kuphunzitsidwa kupirira, anabadwa nako, chimene chimafunika ndi woti asamudyere masuku pamutu. Ndiye m'sipichi yanga ndinalembamo ndime yotentha, yoti banja si ndende, akadzakukweza dzanja nyumba yanga ili ndi chipinda.

Azakhali anagwirizana nane pa mfundoyo, zimene zinandidabwitsa, koma anakana malo ake. Anati ukanena zimenezo pa maiki ndiye kuti wamuimba mlandu mkwati pamaso pa makolo ake asanalakwe kalikonse, komanso watsutsa alangizi ndi ankhoswe pagulu, iwe wosakwatiwa. Anthu sadzakumbukira mfundo yako, adzakumbukira mwano. "Zachipindazo ukamuuze awiri usiku woti mawa ukwati. Pa maiki usalangize, pempha. Mwana saletsedwa kupempha." Izi ndiye zinanditsegula mutu. Kufunira mnzako banja lofatsa pagulu la kwathu kuno kumatheka ukaliika m'mawu a pempho kwa mkwati, ndipo pempholo lituluke m'nkhani imene wangofotokoza kumene, lisaoneke kuti waligula ku msika. Komanso likhale la zinthu zooneka. Kungoti "muzimukonda" aliyense anena kale kuyambira ku tchalitchi, palibe amakumva.

Ndiye funso linatsala loti nkhani yake iti. Pa nkhani zonse zija tinkafuna imodzi yokha, yoti munthu akamamva aziiona ndi maso, yoonetsa khalidwe limene mwamunayo akakhale nalo m'nyumba, ndipo ngati pali wina woti achite manyazi m'nkhanimo akhale ine, osati mkwatibwi kapena banja lake. Imene inakwanira zonsezi inali imene sindinailembe n'komwe, chifukwa inkandichititsa manyazi. Ndi ya njala ya 2002, tili ndi zaka 8, miyezi ija ya Januwale ndi Febuluwale, mpaka a Bakili Muluzi kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kwathu zinthu zinavuta kwambiri, bambo anali atachotsedwa ntchito. Mayi a mnzangayo ankagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo mwana wawo ankaba ziwiri tsiku lililonse kudzandipatsa kusukulu.

Nkhani ya njala siyako wekha ngakhale inali m'mimba mwako. Mayi anga anaitanidwa ku ukwatiwo, ndiye kuimirira n'kuuza holo yonse kuti kwathu tinkagona ndi njala ndi kuwavula iwo. Ndinawaimbira kuwafunsa. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinayang'ana foni ngati yaduka, kenako akuti "nena mwanawe, njala ija inali ya dziko lonse, amene sanaione ndani". Mbali ya mayi a mkwatibwi ndinafuna kuti ikhale yowadzidzimutsa, koma ndinafunsa kaye mkulu wake wa mnzangayo ngati mayi adzaseka kapena adzakhumudwa kumva mwana wawo akutchedwa wakuba pa tsiku la ukwati. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti mayi mpaka lero amati anali makoswe. Mkwati naye ndinamuwerengera pa foni mizere yomukhudza, akuti "alamu zili bwino, musachotse kalikonse".

Kutalika kwake, musadalire maso. Mawu a Chichewa ndi aatali ndipo pa maiki umayenera kulankhula modekha, ndiye nditadziyesa ndi wotchi ya pa foni ndinapeza kuti mphindi zitatu ndi mawu osapitirira 250, tsamba limodzi lolemba pamanja. Siyanimonso mpata woti anthu aseke. Ndinaiwerenga mokweza nditaimirira, nditavala gogoda zomwe ndidzavale tsikulo, chifukwa kupuma kwa munthu wokhala pa bedi ndi kwa munthu woimirira pa gogoda diresi itamumanga pamimba n'kosiyana. Ndinaikanso chizindikiro pa mizere imene ndingaidumphe nthawi itachepa, ndipo izi zinadzandipulumutsa.

Za ndalama ndinene pang'ono, poti zimakhudzana. Ndinavomera mu Ogasiti mitengo ili ina, kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, basi chilichonse chinanyamuka. Telala amene tinagwirizana K30,000 anati tsopano ndi K45,000 chifukwa layiningi ndi zipi zakwera, ndipo diresi anaimaliza kutatsala masiku owerengeka, mtima uli m'mwamba. Kuphatikiza nsalu, nsapato, tsitsi, mekapu, thiransipoti ya ku Blantyre ndi ku Zomba, chopereka cha ku shawa ndi mphatso, ndinadutsa K300,000, ina yokongola ku banki m'khonde. Chimene sindinachiike mu bajeti ndi perekani. Wogwirizira umaitanidwa kangapo, anzake a mkwatibwi, operekeza akwati, atsikana onse osakwatiwa, ndiye kuwonjezera gulu lija ndinalipanga ndekha limene ndinayenera kulitsogolera. Sungatsogolere anthu ndi manja opanda kanthu. Sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono, ma K200 ndi ma K500, masiku angapo ukwati usanafike, ndipo za gulu la pambuyo pa sipichi muziike padera, chifukwa pa tebulo la osintha ndalama pamakhala mzere ndipo inu simungachoke pambali pa mkwatibwi.

Usiku woti mawa ukwati tinagona chipinda chimodzi kwa mayi ake, nyumba itadzaza alendo mpaka pakhonde. Zachipinda zija ndinamuuza pamenepo, magetsi atazimitsidwa, kuti ukadzaona zosakhala bwino usadzadikire kuti zikule, uza ankhoswe, ndipo ine foni yanga sizima. Anangondifinya dzanja n'kuti ndamva. Sitinapitirize, panalibenso chowonjezera.

Tsiku lenilenilo tinadzuka kunja kuli mdima kupita ku saluni. Ku tchalitchi kunachedwa ndi ola lathunthu chifukwa galimoto ya akuchimuna inakatenga anthu kawiri, kojambulitsa ku Botaniki nako wojambula sankafuna kutisiya, ndiye mu holo mmene timayenera kulowa 1 koloko tinalowa 2 koloko itadutsa kale. Apa n'kuti ndisanadye kalikonse chidzukireni, nthawi yonse ndili pa velo ndi thishu. Foni yanga imene munali sipichi ndinaipatsa mtsikana wina kuti andisungire ku tchalitchi, sindinaionenso mpaka madzulo. Diresi ya wogwirizira ilibe thumba, abale. Chinandithandiza n'choti ndinali nditakopera pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo m'mawa ndinapatsa wogwirizira mnzanga wa mkwati kuti aliike m'thumba la jekete.

Cha m'ma 3 koloko mvula ya Disembala inayamba, denga la holoyo la malata opanda siling'i, ndiye mukudziwa phokoso lake. Posakhalitsa magetsi anathima. Jenereta inalipo koma mpaka ailize, dijeyi alumikizenso zinthu zake, panapita mphindi zambiri ndithu, emusi akungoyang'ana wotchi. Keke itadulidwa anabwera kudzandinong'oneza kuti "asisi, ziwiri zokha, apo ayi tisiye". Miyendo inazizira. Mnzangayo anamva, anangondiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti pita.

Ndisanayambe ndinapempha dijeyi kuti azimitse nyimbo yonse, chifukwa amakonda kusiya kanyimbo kapansipansi kuti zikome, koma ndi mvula ija palibe akanamva. Maiki ndinaigunditsa pachibwano, ndinaona kwa olankhula ena kuti akaitsitsa pachifuwa mawu amasowa. Ndinagwada pang'ono kuyang'ana mbali ya makolo, kenako ndinanena izi, mizere ya masanje ndi fulaye nditaidumpha:

"Makolo athu akuchimuna, makolo athu akuchikazi, ankhoswe, abusa, ndi nonse mwabwera, landirani ulemu wanu. Ine ndine mwana, sindinaime pano kuti ndilangize, malangizo anaperekedwa kale ndi eni ake. Ndaima kuti ndichitire umboni, chifukwa mkwatibwi uyu ndinamudziwa tisanayambe kuvala nsapato.

"Chaka cha 2002, cha njala chija, kwathu masiku ena tinkagonera madzi. Mayi a mnzangayu ankagulitsa zitumbuwa, ndipo ufa utadula ankaziwerenga chimodzichimodzi. Tsiku lililonse ziwiri zinkasowa. Mayi, lero ndiulule. Sanali makoswe ayi. Wodya ndinali ine, wakuba ndi uyu wavala zoyerayu.

"Pa buleki ankandipatsa zonse ziwiri. Ndikati tigawane, iye ankati idya, ine ndadya kale. Ndinadzadziwa titakula kuti sankadya, ndiponso kuti tsiku lina anakwapulidwa pomuganizira za zitumbuwazo, koma sanaulule, ndipo dzina langa sanalitchule.

"Ndiye alamu, ndili ndi pempho limodzi. Mkazi mwatengayu amati ndadya kale asanadye, amati ndili bwino mtima ukumupweteka. Akatero, chonde mufunseninso kachiwiri. Tsiku limene mwasemphana, poti kusemphana kulipo, mawu akhale otsika, chitseko chitsekedwe pang'onopang'ono.

"Chemwali, bambo akanakhalapo bwenzi akuvina kutiposa tonse. Ndikukufunira nyumba yofatsa, yoti ukamaweruka kuntchito miyendo izifulumira yokha, nyumba imene nawenso wina azikusungira chitumbuwa. Mulungu akusungeni nonse awiri. Zikomo, yewo chomene."

Pa makoswe paja holo inaphulika, mayi ake kugwira pakamwa kenako n'kumuloza mwana wawo chala, ndiye ndinayenera kudikira ndithu kuti phokoso litsike. Kudikirako n'kovuta, thupi limafuna kuthamanga kuti umalize, koma ukalankhula anthu akuseka mzere wotsatira umatayika, ndipo kwa ine mzere wotsatirawo ndi umene unanyamula nkhani yonse. Pamene zinandivuta ndi pa "ndadya kale". Ndinayang'ana mkwatibwi, ndinamupeza akulira, mawu anga anathera pakhosi. Ndinasiya, ndinayang'ana wotchi ya pakhoma kumbuyo kwa holo, kupuma, mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu kunditchinjiriza, kenako ndinapitiriza. Ndiye pamzere umene mukudziwa kuti ukugwirani, maso asapite kwa mnzanuyo kapena kwa mayi anu, sankhiranitu chinthu chopanda moyo choti muyang'ane. Pepala nalo linkanjenjemera moti aliyense ankaona, bola ndikanalimata pa kakatoni kolimba.

Emusi sanataye mpata, ndisanabweze n'komwe maiki anali atakuwa kale kuti "onse a ku Chinamwali, onse munadyapo chitumbuwa cha mayi awa, bwerani mudzalipire ngongole!" Anthu anadzuka ambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ena oti Chinamwali amangodutsa pa minibasi, amalume a mkwati nawo anabwera akuvina. Mayi anga ndi mayi a mkwatibwi anakumana pakati n'kukumbatirana ndalama zikuwagwera. Madzulo emusi uja anandipeza panja akuti gulu limenelo linali mwa magulu amene anatolera bwino, ndipo anapempha kuti azikagwiritsa ntchito nzeruyo kwina.

Koma sikuti onse anakondwa. Mawa lake tili kwa mayi a mkwatibwi kutsegula mphatso, ankhoswe akuchikazi anandiitanira pambali. Akuti azakhali a mkwati adandaula, mtsikana wosakwatiwa angaimirire bwanji n'kumuuza mwana wawo katsekedwe ka chitseko pamaso pa anthu, kodi wamva kuti kwawo amamenyetsa zitseko? Ndinamva kutentha thupi lonse, chifukwa mzere umenewo ndinausalaza mmene ndikanathera ndipo mkwati mwini wake anauvomereza. Koma mkwati si banja lonse. Mkhoswe wa kuchimuna sankadziwa kuti ndilankhula chiyani, akanadziwa bwenzi atawakonzekeretsa anthu ake kapena kuyankha pomwepo kuti tinaziona kale. Ndiye ngati sipichi yanu ili ndi mawu olunjika kwa mkwati, idutse kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, osati mbali yanu yokha. Ndinapita ndi mayi aang'ono a mkwatibwi kumene alendowo anagona, ndinavala chitenje, kugwada, kufotokoza kuti linali pempho la mwana osati chitonzo. Azakhaliwo anandimvetsera nkhope ili gwa, kenako akuti tamva, koma ukadzakwatiwa udzatiitane tidzalankhulenso ifeyo. Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo, ngakhale sindinganene kuti amandikonda. Mzere wa chitsekowo ndikanati ndibwerezenso sindikanauchotsa, mnzangayo anandiuza pambuyo pake kuti ndi umene anaumva kwambiri.

Chokhumudwitsa china chinadza vidiyo itatuluka patapita miyezi. Wojambula anatenga mawu ndi kamera yake ali kumbuyo, ndiye pa sipichi yanga pamangomveka mvula ndi jenereta, ine ndikungoyendetsa milomo. Imene ilipo yomveka ndi ya pa foni ya msuweni wa mkwati amene anakhala pafupi ndi sipika, yopendekeka, mutu wanga wodukira pamphumi. Funsanitu wojambula ngati mawu azitengera ku makina a dijeyi, ndipo ngakhale avomere, pemphani munthu mmodzi wokhala kutsogolo kuti ajambule ndi foni. Pepala lija ndinamupatsa mkwatibwi, lili ndi madontho a mekapu. Ngongole ya ku banki m'khonde ndinaimaliza mu Malichi, koma mayi ake mpaka pano ndikawaimbira amayamba ndi kundifunsa kuti ndalama ya zitumbuwa zawo nditumiza liti, akuti awerengera pa mtengo wa lero.